Silikoni kapena matope a simenti: chotsekera mpata wa pawindo nchiti?

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, eni nyumba ambiri amayamba kuona banga lachinyontho pangodya ya pansi ya windo. Poyamba limakhala laling'ono. Pofika Januwale penti yatupa, pulasitala wayamba kufumbutuka, ndipo katani ikununkha chuku. Ena amathamangira kuyang'ana malata, ena amanena kuti galasi silinakhale bwino. Koma nthawi zambiri madziwo adutsa pamalo amene diso silifikapo kawirikawiri, pomwe felemu ya windo yakumana ndi khoma.

Mukafunsa amisiri awiri chochita, mumva mayankho awiri. Womanga nyumba adzakuuzani kuti pamafunika matope olimba a simenti ndi mchenga, chifukwa ndi mmene nyumba zakhala zikumangidwira. Woika mawindo a aluminiyamu adzakuuzani kuti simenti ndi yachikale, ingogulani silikoni. Aliyense wa iwo akunena zoona pa windo limene analizolowera, koma akulakwa pa windo la mnzake. Matope ndi silikoni sizigwira ntchito imodzi. Matope amadzaza malo ndi kugwira felemu kuti isagwedere. Silikoni sanyamula chilichonse, koma amatanuka, ndipo pachifukwa chimenechi amaletsa madzi pamalo amene amasuntha. Chimene chimatiuza choyenera kusankha ndi zinthu ziwiri: felemuyo ndi yachiyani, ndipo mpatawo ndi waukulu bwanji.

Felemu ndi khoma sizifutukuka mofanana

Chinthu chilichonse chikatenthedwa chimafutukuka, chikazizidwa chimabwerera. Kusunthaku ndi kochepa kwambiri moti sitikuona ndi maso, koma nkokwanira kung'amba simenti. Vuto lenileni ndi lakuti zipangizo sizifutukuka mofanana. Pa kutentha kofanana, aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndipo kuposa njerwa yootcha amafutukuka katatu kapena kanayi. Chitsulo, konkire ndi matope a simenti zimayendera pafupifupi limodzi. Nchifukwa chake chitsulo chimakhala mkati mwa konkire kwa zaka zambirimbiri osasemphana naye.

Tiyerekeze ndi windo la mamita 1.8 m'lifupi, la felemu yakuda, loyang'ana kumadzulo m'nyumba ya ku Lilongwe. M'mawa wa mu Julayi felemuyo ikhoza kuzizira kufika pa madigiri 10. Masana a mu Okutobala, dzuwa likuiomba mwachindunji, ikhoza kufika pa madigiri 60, moti simungaigwire ndi dzanja nthawi yaitali. Kusiyanaku ndi madigiri 50. Felemu ya aluminiyamu idzatalika ndi mamilimita pafupifupi 2 pakati pa nyengo ziwirizi, pomwe yachitsulo idzatalika ndi milimita imodzi yokha. Khoma la njerwa lozungulira windolo lidzasuntha ndi theka la milimita kapena kuchepera apo, chifukwanso ndi lochindikala ndipo silitentha msanga ngati felemu.

Mamilimita 2 akumveka ngati si kanthu. Koma matope a simenti akauma satanuka ngakhale pang'ono. Amapirira kupsinjidwa, koma akakokedwa amasweka. Felemu ikafutukuka masana imakankha matope, ikabwerera usiku matopewo saitsatira. Pamatsala kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi kotsata felemu yonse. Kamng'alu kotere ndi koopsa kuposa mmene kamaonekera, chifukwa mpata wopapatiza umayamwa madzi wokha, ndipo mphepo ikamaomba mvula pakhoma imawakankhira mkati.

Felemu yamatabwa ili ndi khalidwe lakelake. Siisamala kwambiri za kutentha, koma imamwa chinyezi. Nthawi yadzinja imafufuma, m'chilimwe imanyala. Choncho nayonso imasiyana ndi matope chaka chilichonse, ndipo madzi amene alowa pamenepo amaoletsa thabwa ndi kuitana chiswe.

Pomwe matope amagwira bwino ntchito

Mawindo ambiri m'nyumba zathu ndi achitsulo, opangidwa ndi amisiri owotcherera, ndipo amamangidwira m'khoma pamene nyumba ikukwera. M'mbali mwa felemu mumakhala tizitsulo towotchereredwa tomwe timalowa pakati pa mizere ya njerwa. Windo lotere limafuna matope. Ndi matope amene amagwira tizitsulo timeneti, amadzaza kumbuyo kwa felemu, ndipo amachititsa kuti wakuba asalikanule mosavuta. Silikoni sangagwire ntchito imeneyi ngakhale mutathira machubu khumi. Pali ubwino winanso: simenti ili ndi mphamvu yotsutsana ndi asidi, ndipo chitsulo chimene chakutidwa bwino ndi matope othinana sichichita dzimbiri msanga.

Matope amagwiranso bwino ntchito mpata ukakhala waukulu. Mpata wa mamilimita 30 kapena 40 sufuna chomatira ayi, koma kumangidwa. Malo oterewo ndi khoma limene silinamalizidwe, ndipo limamalizidwa ndi zipangizo zomangira khoma.

Koma matope a pawindo amafuna chisamaliro chimene nthawi zambiri sachilandira, chifukwa ntchitoyi imagwiridwa kumapeto anthu atatopa. Muyeso wabwino ndi chitini chimodzi cha simenti pa zitini zinayi za mchenga woyera wosefa. Ena amachulukitsa simenti poganiza kuti akulimbitsa, koma matope ochuluka simenti amanyala kwambiri pouma ndipo amang'aluka okha. Madzi ochuluka amachitanso chimodzimodzi. Matope oyenera ndi amene mukawafumbata m'dzanja amagwirana osadontha madzi.

Njerwa ziyenera kusesedwa fumbi ndi kunyowetsedwa musanaike matope, chifukwa njerwa youma imamwa madzi a m'matope simenti isanagwire. Kenako matopewo akankhidwe mpaka mkati ndi kathabwa, osati kungopakidwa pamwamba ndi mpeni womangira kuti paoneke bwino pomwe kumbuyo kuli mphako. Akatha, azithiriridwa madzi kwa masiku 7. Simenti imalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, osati chifukwa chouma. Mzere wopyapyala wa matope woombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala umauma tsiku lomwelo, ndipo mukaukanda ndi chikhadabo umayoyoka.

Malire a matope ali apa: mpata ukachepera mamilimita 10, matope salowa mpaka mkati ndipo sakhala ndi thupi lokwanira kuti alimbe. Amangokhala chikhungwa chimene chimagwa chitseko chikamenyetsedwa kangapo.

Chifukwa chake aluminiyamu sagwirizana ndi simenti

Mawindo a aluminiyamu afala kwambiri m'nyumba zatsopano ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo kaikidwe kake ndi kosiyana ndi ka achitsulo. Saikidwa pamene khoma likumangidwa. Amabwera pulasitala atatha, n'kumangidwa kukhoma ndi masikuluwu, ndipo amayenera kukhala ochepera pang'ono kuposa bowo la windo kuti mbali zonse mutsale mpata wa mamilimita 6 mpaka 10. Mpata umenewu si kulakwitsa kwa mmisiri. Ndi malo amene felemu imafutukukiramo.

Womanga amene sanazolowere mawindo amenewa akaona mpatawo amaudzaza ndi matope, ndipo pamabadwa mavuto atatu. Loyamba ndi mng'alu umene tafotokoza kale. Lachiwiri ndi lakuti mphamvu ya simenti yaiwisi imene imateteza chitsulo ndi yomweyo imene imadya aluminiyamu. Madontho a matope akagwera pafelemu n'kukhalapo, amasiya mabanga otuwa amene sachoka ngakhale mutatsuka bwanji. Lachitatu limachitika pamwamba pa windo. Lintala imatha kutsika pang'ono ndi kulemera kwa khoma ndi denga. Ngati pakati pa lintala ndi felemu mwathinitsidwa matope, kulemerako kumatsikira pafelemu, ndipo aluminiyamu ndi wofewa. Windo lotsetsereka limayamba kulimba potsegula, ndipo nthawi zina galasi limasweka lokha popanda woligenda.

Choncho pawindo la aluminiyamu, chimene chiyenera kukhudza felemu ndi chinthu chotanuka. N'chimodzimodzinso ndi mafelemu apulasitiki, amene amafutukuka kuposa aluminiyamu.

Silikoni alipo wamitundu iwiri

Anthu ambiri amene anakhumudwa ndi silikoni anagula mtundu wolakwika. M'sitolo machubu amaoneka ofanana, koma mkati mwake muli zinthu ziwiri zosiyana.

Mtundu woyamba, womwe ndi wotsika mtengo ndiponso wopezeka paliponse, umatulutsa asidi pamene ukuuma. Mudzaudziwa ndi fungo la viniga lobaya m'mphuno. Ndi wabwino pagalasi, pamatailosi osalala ndi pasinki. Koma pakhoma la simenti sugwira bwino, chifukwa asidi wake amalimbana ndi simenti n'kupanga kafumbi kopyapyala pakati pa silikoniyo ndi khoma. Masiku oyamba umaoneka wogwira, koma patapita miyezi ingapo mukhoza kuusolola wonse ngati chingwe. Asidi yemweyo amayambitsanso dzimbiri pachitsulo chosapentedwa bwino.

Mtundu wachiwiri, umene ogulitsa amautchula kuti nyutulo, sutulutsa asidi ndipo fungo lake ndi lofatsa. Ndi umene umagwira papulasitala, panjerwa, pakonkire, pa aluminiyamu ndi pachitsulo. Pa mpata wa pawindo, uwu ndiye wofunika. Pogula, werengani kumbuyo kwa chubu muone ngati patchulidwa konkire ndi njerwa pakati pa zinthu zimene umagwira. Machubu ena amakhala ndi chizindikiro chakuti 25 LM. Nambalayo ikutanthauza kuti silikoniyo akhoza kutanuka kapena kufinyika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a m'lifupi mwa mpata popanda kuduka, ndipo zilembozo zikutanthauza kuti ndi wofewa, sakoka khoma mwamphamvu akamatanuka. Kufewako nkofunika chifukwa pulasitala wathu nthawi zambiri sakhala wolimba kwenikweni. Yang'ananinso tsiku lothera ntchito. Silikoni wokhalitsa pashelefu yotentha amatha kukana kuuma, n'kumangomata fumbi kwa masabata.

Silikoni ali ndi zofooka ziwiri zimene muyenera kuzidziwa musanayambe. Penti siigwira pa iye, choncho sankhani mtundu wofanana ndi felemu kapena khoma. Komanso silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale wodetsedwa, choncho pokonza muyenera kuchotsa wakaleyo yense. Kumene mukufuna kudzapenta kunja, pali zomatira zina zotanuka, monga za poliyulefeni, zimene zimalola penti, ngakhale kuti padzuwa loopsa silikoni ndiye amakhalitsa. Mkati mwa nyumba, momwe simufika mvula ndi dzuwa, chomatira cha akiliriki ndi chokwanira. Chimapenteka ndipo ndi chotsika mtengo, koma chimatanuka pang'ono chabe, moti kunja pafelemu ya aluminiyamu sichikhalitsa.

Kuchuluka kwa silikoni sindiko kulimba kwake

Pali zolakwika ziwiri zotsutsana zimene zimachitika pothira silikoni. Ena amapaka kamzere kopyapyala pamwamba pa mng'alu ndi chala. Ena amapopera mpaka mpata wonse utadzaza, poganiza kuti akachuluka ndiye kuti agwira. Njira zonse ziwiri zimalephera.

Kamzere kopyapyala kamalephera chifukwa kutanuka kwa silikoni kumadalira m'lifupi mwake. Mzere wa mamilimita 10 ukhoza kulandira kusuntha kwa mamilimita 2.5. Mzere wa mamilimita 3 sungalandire ngakhale milimita imodzi. Nchifukwa chake mpata wothiramo silikoni usachepere mamilimita 6.

Kudzaza mpata wonse kumalephera pa chifukwa china. Ganizirani mphira ya legeni. Imatanuka bwino chifukwa yamangidwa kunsonga ziwiri zokha, pakati pake pali pomasuka. Mukaimata pathabwa utali wake wonse, singatanukenso, ndipo mukaikoka ingoduka. Silikoni nayenso ayenera kugwira mbali ziwiri zokha, felemu ndi khoma, kumbuyo kwake kukhale komasuka. Ayeneranso kukhala wosazama kwambiri. Lamulo la amisiri ndi lakuti kuzama kukhale pafupifupi theka la m'lifupi, koma kusachepere mamilimita 6. Mzere wozama kwambiri ndi wouma khosi, ndipo m'malo motanuka umazula pulasitala. Umachedwanso kuuma, chifukwa silikoni amauma ndi chinyezi cha mumpweya kuyambira kunja kulowa mkati, mamilimita 2 kapena 3 okha patsiku.

Chimene chimathetsa mavuto onsewa ndi chingwe chasiponji chobulungira chimene chimakankhidwira mumpata silikoni asanathiridwe. Chiyenera kukhala chonenepa pang'ono kuposa mpatawo, mwachitsanzo cha mamilimita 13 pa mpata wa mamilimita 10, kuti chithine chisagwe. Chingwechi chimaika malire a kuzama, silikoni samamatira pa icho, ndipo chimapulumutsa machubu. Komwe sichikupezeka, mizere yodulidwa kusiponji yoyera yosamwa madzi, yomwe amakulungira katundu wamagetsi, imagwira ntchito yomweyo. Mapepala a matumba a simenti ndi nsanza zisalowemo, chifukwa zimamwa madzi ndi kuola.

Windo limodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tibwerere ku windo lija la aluminiyamu la mamita 1.8 m'lifupi ndi mamita 1.2 m'litali. Tinene kuti womanga anasiya bowo lalikulu kuposa muyeso, monga zimachitikira kawirikawiri. Windo litamangidwa ndi masikuluwu, pamwamba, pansi ndi kumanzere patsala mpata wa mamilimita 10, koma kumanja patsala wa mamilimita 32. Apa ndi pomwe mkangano wa amisiri aja umathera, chifukwa windo limeneli likufuna zonse ziwiri.

Ntchito imayamba ndi matope kumanja. Felemu imakutidwa ndi tepi yapepala ndi pulasitiki kuti simenti isaikhudze. Kenako pambali pa felemu pamatsamiritsidwa kathabwa kapena kasiponji kolimba kochindikala mamilimita 10, kuti kasunge mpata umene tikufuna utsale. Malo otsalawo, mamilimita 22, ndiwo amadzazidwa ndi matope a chitini chimodzi pa zinayi. Khoma likandidwe kaye kuti likhale lokhakhala, linyowetsedwe, ndipo matope aikidwe kawiri: gawo loyamba lero, lachiwiri mawa loyambalo litagwira. Matope ochindikala oikidwa nthawi imodzi amalendewera ndi kusiyana ndi khoma. Akagwira, kathabwa kaja kamasololedwa, ndipo tsopano mbali zonse zinayi zili ndi mpata wofanana. Ngati masikuluwu a mbali imeneyo ndi aafupi, asinthidwe ndi aatali olowa m'njerwa zenizeni, osati m'matope atsopanowo.

Chotsatira ndi kudikira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalephera. Matope athiriridwe masiku 7, kenako asiyidwe kuti aume. Opanga zomatira ambiri amalangiza kuti simenti yatsopano ikwanitse masiku 28 musanaikepo silikoni, chifukwa isanatero imakhala ikutulutsabe chinyezi ndi kunyala. Silikoni wothiridwa pa matope a dzulo sagwira. Pachifukwa chimenechi ntchitoyi imayenera kuyambika mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti mvula idzapeze zonse zitatha.

Tsiku lothira silikoni, mpata usesedwe ndi bulashi youma mpaka fumbi lithe, ndipo penti yosendeka ipalidwe. Mbali ya felemu ipukutidwe ndi kansalu konyowetsedwa ndi sipiriti kuti mafuta ndi zomata za tepi zichoke. Palafini ndi dizilo zisagwiritsidwe ntchito, chifukwa zimasiya mafuta. Chingwe chasiponji chikankhidwe ndi kathabwa kosasongoka mpaka chikhale mamilimita 6 kuchokera pamwamba. Tepi yapepala imatidwe mbali zonse ziwiri za mpata kuti mzere udzaoneke wowongoka.

Nthawi ya tsiku nayo ndi yofunika. Masana dzuwa likuomba windo, felemu imakhala itafutukuka ndipo mpata umakhala utachepa. Silikoni wothiridwa nthawi imeneyo adzakhala moyo wake wonse ali wokokedwa. Pa windo loyang'ana kumadzulo, nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma, felemu ili pamthunzi.

Kamwa la chubu lidulidwe mopendeketsa molingana ndi m'lifupi mwa mpata. Pothira, chofinyira chiyende pang'onopang'ono kuti silikoni adzaze mpaka pasiponji osasiya mphako. Mbali imodzi ikatha, isalazidwe nthawi yomweyo ndi kasupuni kapena kapulasitiki kobulungira, mokanikiza kuti silikoni agwire mbali zonse ziwiri, chifukwa pakangopita mphindi 10 kapena 20 amayamba kuchita khungu. Tepi ichotsedwe silikoni akadali wofewa. Amene amasalaza ndi madzi asopo asamale kuti sopoyo asalowe pomwe silikoni sanafike, chifukwa pamenepo sadzagwiranso.

Kuwerengera machubu nkosavuta. Kuzungulira windoli ndi mamita 6. Mzere wa mamilimita 10 m'lifupi ndi 6 kuzama umadya mamililita 60 pa mita iliyonse, kutanthauza mamililita 360 pa windo lonse. Chubu chimodzi chimakhala ndi mamililita pafupifupi 300, choncho pafunika machubu awiri, ndipo patsalako woyambira windo lina. Popanda siponji, mpata womwewo ukhoza kumeza machubu ambirimbiri n'kudzang'ambikabe. Kusuntha kumene tinawerengera, komwe ndi milimita imodzi ndi theka tikachotsapo kusuntha kwa khoma, kuli mkati mwa mamilimita 2.5 amene mzerewu ungalandire, ngakhale kutapita konse mbali imodzi.

Pansi pa windo pamafunika diso lapadera. Mafelemu a aluminiyamu amakhala ndi timabowo kunsi kwake kumbali yakunja. Timabowo timeneti timatulutsa madzi amene alowa m'njira yotsetserekamo galasi. Anthu ofuna kutseka paliponse amatimata ndi silikoni, ndipo madzi akasowa potulukira amadzaza njirayo n'kusefukira m'nyumba. Silikoni adutse pansi pa timabowoto, asatitseke. Komanso simenti ya pansi pa windo kunja ikhale yopendekera kunja, ndipo kunsi kwa mlomo wake kukhale kangalande kodula madzi kuti adonthere pansi m'malo motsata khoma. Pansi pa windo pakakhala pathyathyathya kapena popendekera mkati, madzi amaima pamzere wa silikoni tsiku lonse, ndipo palibe chomatira chimene chingakonze kupendeka kolakwika.

Nanga windo lachitsulo limene latuluka mng'alu?

Ili ndi vuto la nyumba zambiri zakale, ndipo silifuna kugumula chilichonse ngati matope akadali olimba. Gogodani m'mbali mwa felemu ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pomwe pakumveka phokoso la mphako, matope asiyana ndi khoma, ndipo achotsedwe n'kuikidwa atsopano. Pomwe pali polimba koma pali kamng'alu kotsata felemu, kumbani kangalande ka mamilimita 6 m'lifupi ndi 6 kuzama motsata mng'aluwo, sesani, matani kamzere ka tepi yapulasitiki pansi pa kangalandeko, ndipo thiranimo silikoni wa nyutulo. Matope apitiriza kugwira windo, silikoni aletsa madzi.

Musanatero, onani ngati felemu yachita dzimbiri, makamaka pangodya za pansi. Dzimbiri limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limakankha matope n'kuwang'amba. Mng'alu wokhala ndi mkhwekhwe wofiirira ndi chizindikiro chake. Dzimbirilo lipalidwe ndi bulashi yawaya mpaka chitsulo chioneke, papakidwe penti yofiira yoteteza dzimbiri, iume bwino, kenako mpamene mutseke. Kutsekera dzimbiri mkati ndi kungobisa matenda.

M'nyumba yomangidwa ndi dothi, silikoni alibe pogwira, chifukwa amangonyamula fumbi la pamwamba. Pamenepo ntchito yoyamba ndi kuzunguliza windo ndi mkombero wa pulasitala wasimenti wogwira bwino panjerwa.

Mmene mungadziwire chimene chalakwika

Silikoni wolephera amanena yekha chifukwa chake. Akasendeka kukhoma ali woyera kumbuyo, ndiye kuti mtundu wake unali wa asidi, kapena khoma linali lonyowa kapena lamafuta. Akasendeka atanyamula mchenga, iye anagwira koma pulasitala ndiye wofooka, ndipo wofunika kukonzedwa ndi pulasitalayo. Akang'ambika pakati mbali zonse zikadali zogwira, mzerewo unali wopapatiza kwambiri kapena unamatira kumbuyo.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti madzi akuloweradi pamenepo. Tsiku louma, munthu mmodzi aime mkati, wina azithira madzi kunja ndi paipi kapena kheni yothirira mbewu. Ayambe pansi pa windo kwa mphindi zingapo, kenako akwere m'mbali, amalizire pamwamba. Mukayambira pamwamba madzi amanyowetsa paliponse ndipo simudziwa pomwe alowera. Kumadera a chiperoni monga Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, madzi oyenderera pagalasi mkati m'mawa wa mu Juni nthawi zambiri ndi mpweya wa m'chipinda umene wasanduka madzi pa galasi lozizira. Mankhwala ake ndi kutsegula mawindo kuti mpweya uziyenda, osati silikoni. Ndipo mng'alu wochoka pangodya ya windo n'kupita chopingasa m'khoma, umene ukukulirakulira, ukusonyeza kuti maziko kapena lintala zikusuntha. Umenewo ukufuna katswiri wa zomangamanga adzauone.

Chigamulo chake

Ngati felemu ndi yachitsulo yomangidwira m'khoma, igwireni ndi matope, ndipo kunja malizani ndi kamzere ka silikoni wa nyutulo m'kangalande. Ngati ndi ya aluminiyamu, yapulasitiki kapena yamatabwa, matope asaipanikize: siyani mpata wa mamilimita 6 mpaka 10, ikani siponji, thirani silikoni. Mpata ukapitirira mamilimita 20, uchepetseni kaye ndi matope, muwadikire aume, kenako mutseke chotsalacho ndi silikoni.

Inu amene mukumangitsa nyumba, kambiranani zimenezi ndi womanga komanso woika mawindo bowo la windo lisanapakidwe pulasitala, kuti agwirizane muyeso ndi kudziwa yemwe adzatseke mpatawo. Inu amene muli kale m'nyumba, zungulirani mawindo anu chaka chilichonse mu Seputembala, mukanikize silikoni ndi chala ndi kugogoda matope. Pomwe pasendeka kapena pakumveka mphako, konzani kukadali kouma, chifukwa khoma likanyowa silikoni sagwiranso mpaka mvula itatha.